Tapu yathyoka, bauti ikugwedera: kupeza biti yoyenera musanadule mazinga

Pa benchi yanga pali kachitini kamene ndimaponyamo zidutswa za matapu othyoka, zida zodulira mazinga m'bowo, ndipo ambiri mwa matapuwo ndi a M6 ndi M8. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anabwera tsiku lina atanyamula chitsulo chokhazikapo mota ya chigayo, tapu ya M8 itadukira m'bowo lachitatu, kansonga kokha kakusuzumira. Nditamufunsa kuti waboola ndi biti yanji, anayankha kuti, "Ya 6.5, bwana, ndi imene inali pafupi." Mabowo awiri oyamba anawamaliza ndi mphamvu za m'manja, thukuta lili kamukamu. Lachitatu tapu inatopa. Kuchotsa kachidutswako kunatidyera masana onse, pamene masamu amene akanatipulumutsa satha ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndalemba izi chifukwa vutoli silikutha, ndipo nthawi zambiri anthu amaloza chala tapu kuti ndi yachabechabe pamene cholakwa chili pa bowo.

## Masamu ake

Pa matapu ambiri pamadindidwa manambala awiri, monga `M8×1.25`. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa bauti, kuyeza pamwamba pa mazinga, m'mamilimita. Yachiwiri ndi pichi, kutanthauza mtunda wochokera pa nsonga ya zinga limodzi kufika pa nsonga ya linzake. Biti yoboolera, `d`, imapezeka pochotsera pichi, `P`, ku kunenepako, `D`:

```
d = D − P
M8×1.25:  d = 8 − 1.25 = 6.75 mm
```

Biti ya 6.75 siipezekapezeka, choncho timatenga ya 6.8. Pa mazinga otalikirana, amene ndiwo a masiku onse, mayankho ake ndi awa:

- M4, pichi 0.7: biti ya 3.3
- M5, pichi 0.8: biti ya 4.2
- M6, pichi 1: biti ya 5.0
- M8, pichi 1.25: biti ya 6.8
- M10, pichi 1.5: biti ya 8.5
- M12, pichi 1.75: biti ya 10.2
- M16, pichi 2: biti ya 14.0
- M20, pichi 2.5: biti ya 17.5

Tapu kapena chojambula chikangolembedwa `M10` popanda nambala yachiwiri, mwambo wake ndi wakuti akunena mazinga otalikirana, ndiye pichi ndi 1.5.

Mwina mukudabwa kuti bwanji tikuchotsera pichi yeniyeniyo osati nambala ina. Zinga la bauti zamamilimita lili ndi ngodya ya madigiri 60, ndipo kuya kwake kumayendera pichi: pichi ikakula, zinga limazama. Bowo la `D − P` limasiyira tapu chitsulo chokwanira kudula zinga lozama pafupifupi 77 peresenti ya kuya konse. Kampata kotsalako ndi kadala. Ndi kamene kamalola thupi la tapu kuyenda osakwechesa khoma, ndiponso kamapatsa tiziphalaphala ta chitsulo njira yotulukira. Kuthamangira 100 peresenti sikuwonjezera mphamvu yooneka pa mazinga, koma kumalemetsa tapu koopsa. Mukafuna kudziwa kuti biti imene ili m'manja mwanu ikupatsani kuya kotani, werengerani chonchi:

```
% = 77 × (D − d) ÷ P
```

Pa M8, biti ya 6.8 imapereka 74 peresenti, ya 7.0 imapereka 62, ndipo ya 6.5 imene mnyamata uja anatola imapereka 92. Manambala atatuwa muwasunge, tibwereranso kwa iwo.

## Tapu ikulimba kwambiri, ikulira, kapena yathyoka

Tapu yoyenda bwino mumaimva m'zala ikudya chitsulo mofewa, ndipo mukaibweza pang'ono mumamva kachiphalaphala kakuduka. Ikayamba kupindika ngati kasipuling'i, chogwirira chikuyenda koma nsonga ili chiimire, siyani pomwepo. Kupitiriza ndi kuithyola. Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Bowo ndi laling'ono chifukwa munatsitsa nambala. Mabokosi ambiri a mabiti amakwera ndi theka la milimita: 6.0, 6.5, 7.0. Munthu akapeza 6.75 amaganiza kuti kutsikira ku 6.5 ndiye kusamala, poopa kuti bauti ingagwedere. Maganizowo ndi amene amadzaza kachitini kanga. Pa mazinga a M8 a mlingo wamba, umene umalembedwa `6H`, bowo liyenera kukhala pakati pa 6.647 ndi 6.912. Biti ya 6.5 ili kunsi kwa malirewo, kutanthauza kuti tapu sikungodula mazinga okha, ikugwiranso ntchito yokuza bowo, imene sinapangidwire. Pa M10 zimaipiratu: woboola ndi 8.0 m'malo mwa 8.5 wapitirira 100 peresenti.

Choti muchite: tulutsani tapu, yezani bowo ndi veniya kapena lowetsanimo tsinde la biti yoyenera. Likakana kulowa, boolaninso ndi biti yoyenerayo musanabwezemo tapu.

2. Biti si ya nambala imene mukuganiza. Nambala ya pa tsinde imafufutika chaki ikaterereka kangapo, ndipo mabiti amabwezedwa m'zipinda zolakwika za bokosi. Ya 8.0 ndi ya 8.5 ndi maso okha simungazisiyanitse bwino. Yezani kunsonga, pa milomo iwiri yodulayo, chifukwa tsinde limacheperako pang'ono. Biti imene yatha m'mbali imaboolanso bowo lochepa kuposa nambala yake.

3. Tapu yalowa mopendama. Bowo likhoza kukhala lolondola, koma tapu ikayamba mokhota, mbali imodzi imadya chitsulo chochuluka pamene ikuzama. Mukazunguza kawiri, chotsani chogwirira, ikani sikweya pambali pa tapu, muyang'ane kuchokera mbali ziwiri. Kuwongola kumatheka pa mazinga awiri oyambawo basi.

4. Tiziphalaphala tadzaza, kapena mukudula pouma. Zungulizani kamodzi, bwezani theka, ndipo pa chitsulo wamba muzidontheza mafuta odulira. Atasowa, oyilo wa injini amaposa kudula pouma. Pa aluminiyamu parafini amathandiza kuti chitsulocho chisamatirire ku mano a tapu.

5. Chitsulocho n'cholimba. Pafupi ndi pamene pawotchereredwa chitsulo chimatha kuuma, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chija chimalimba pamene biti yobuntha yachikwechesa. Apa kwezani biti pang'ono: 6.9 pa M8, 8.6 pa M10. Tupa ikaterereka osadya, tapu wamba nayonso sidya.

## Bauti ikugwedera, kapena mazinga akusololoka pomanga

Bauti yalowa ndi zala mosavuta, mwaigwira ndi sipanala, yalimba pang'ono, kenako yafewa n'kuyamba kuzungulira osatha. Mukaitulutsa, yatuluka ndi kawaya kopyapyala kokulungika m'mazinga ake. Kawayako ndi mazinga a m'bowo lanu.

1. Munaboola bowo lodutsira, osati lodulamo mazinga. Bauti imodzi ili ndi mabowo awiri osiyana. La m'chitsulo chapamwamba, mmene bauti imangodutsa, ndi lalikulu: 9.0 pa M8, 11.0 pa M10. La m'chitsulo chapansi, mmene mumadulidwa mazinga, ndi la `D − P`. Ena amangotenga biti ya 8 poti bauti ndi ya 8, ndiye tapu imangokanda khoma. Ena amachotsera theka la milimita pa saizi iliyonse, koma 7.5 pa M8 imasiya 31 peresenti yokha, ndipo 5.5 pa M6 imasiya 38.5. Mazinga otero amaoneka ndi maso: nsonga zake zimakhala zafulati, zotambalala, ngati mizere ya m'munda imene mvula yakokolola.

2. Bowo latuluka lalikulu kuposa biti. Ichi chimasokoneza anthu amene masamu awo anali olondola. Biti yonoledwa ndi manja, milomo yake iwiri ikasiyana utali, nsonga imachoka pakati ndipo biti imavina m'bowo. Ya 6.8 ikhoza kukupatsani bowo la 7.1 kapena kuposa. Chizindikiro chake ndi chakuti poboola tiziphalaphala timatuluka mbali imodzi yokha. Biti yokhota, chaki yotha, ndi kuboola ndi makina a m'manja mukugwedezeka zimachitanso chimodzimodzi.

Njira yake ndi kuboola kaye pa kachitsulo kotayika ka mtundu womwewo, n'kuyeza bowolo. Nambala imene imagwira ntchito m'masamu aja ndi ya bowo, osati yolembedwa pa biti. Kuyamba ndi panchi, kenako kabiti kakang'ono ka 3 kapena 4, kumathandiza biti yomaliza kuyenda mowongoka.

3. Mazinga ndi ochepa chifukwa chitsulo n'chopyapyala. Mu chitsulo cha mamilimita 3, tapu ya M8 imadula mazinga awiri ndi kachidutswa. Ngakhale bowo likhale langwiro, mazinga awiri sangapirire sipanala. Pa chitsulo wamba bauti igwire utali wofanana ndi kunenepa kwake, ndiye mamilimita 8 pa M8. Pa aluminiyamu igwire kawiri kake, 16. Ngati chitsulo sichikukwana, wotchereranipo nati kumbuyo, kapena boolani bowo lodutsira mumange ndi nati.

4. Tapu inkagwedezeka polowa. Kudula mazinga ndi sipanala yosinthasintha m'malo mwa chogwirira cha manja awiri kumakankhira tapu mbali imodzi, kukamwa kwa bowo n'kutambasuka. Mazinga a pamwamba amagwedera, a pansi ali bwino.

## Bauti ikulowa kawiri kapena katatu n'kukana

Apa nthawi zambiri bowo silinalakwe, ndipo mazinga adulika bwino. Vuto ndi lakuti `D` kapena `P` amene munalowetsa m'masamu si wa bauti imene mukufuna kumangayo. Musaikakamize ndi sipanala, muwononga zonse ziwiri.

1. Bauti ndi ya mazinga othinana. M10 ili ndi mapichi atatu amene mungakumane nawo: 1.5, 1.25 ndi 1.0. Magalimoto a ku Japan, amene ndiwo adzaza misewu yathu, amagwiritsa ntchito kwambiri `M10×1.25` ndi `M12×1.25`, pamene bokosi la matapu logula m'sitolo nthawi zambiri limakhala la mazinga otalikirana. Munthu amadula `M10×1.5` mwaukhondo, n'kutola bauti ya pa injini, ikukana. Lamulo la `D − P` silisintha, koma yankho limasintha: `M10×1.25` imafuna 8.8, `M10×1` imafuna 9.0, `M12×1.5` imafuna 10.5, `M8×1` imafuna 7.0.

Ngati mulibe timasamba toyezera pichi, rula imakwana. Ikani chiyambi cha rula pa nsonga ya zinga limodzi, werengani mipata khumi, muone pamene mwafika. Mamilimita 15 ndiye pichi ya 1.5, mamilimita 12.5 ndiye 1.25. Muwerenge mipata, osati nsonga, chifukwa mipata khumi ili ndi nsonga 11. Njira ina yachangu ndi kugoneka tapu pa bautiyo, mano m'mazinga, n'kuyang'ana moloza kuwala. Zikagwirizana, mano onse amakhala pansi ndipo kuwala sikudutsa.

2. Munatenga nambala ya sipanala ngati kunenepa kwa bauti. M'magalaja mwathu timati "ndipatse bauti ya 13", ndipo tonse timamvana. Koma 13 ndi kukula kwa mutu, bautiyo ndi M8. Ya sipanala 10 ndi M6. Mutuwo ndi wosadalirika ngakhale pongoyerekeza, chifukwa M8 ya pa galimoto ya ku Japan imamasulidwa ndi sipanala 12, ndipo M10 mungaipeze ndi mutu wa 14, 16 kapena 17. Ndinaonapo munthu akufunafuna tapu ya M10 chifukwa bauti yake inali "ya 10", ndipo anatsala pang'ono kuboola 8.5 pamalo pofunika 5.0. Yezani thupi la bauti pa mazinga. Veniya idzaonetsa nambala yocheperako pang'ono, monga 7.85 kapena 7.9, ndipo imeneyo ndi M8. M'masamu mulowetse 8, osati 7.85.

3. Bauti ndi ya mainchi. Makina akale ochokera ku Britain kapena ku America ali ndi mabauti ofanana kwambiri ndi athu. Ya `5/16-18 UNC` ndi yonenepa 7.94 ndipo pichi yake ndi 1.41, ndiye poiona mungalumbire kuti ndi M8. Ya `3/8-16 UNC` ndi 9.53 ndi pichi ya 1.59, moyandikana ndi `M10×1.5`. Mipata khumi ikakupatsani 14.1 kapena 15.9, bautiyo si ya mamilimita.

4. Munalekeza pa tapu yoyamba. Matapu a manja amabwera atatu. M'mabokosi ena, yoyamba ndi yachiwiri zimakhala ndi mizere pa tsinde ndipo sizidula zinga lonse, yachitatu ndiyo imamaliza. Pititsani zonse motsatana.

## Biti imene masamu akufuna palibe

Ili ndi funso la tsiku ndi tsiku, makamaka kutali ndi tauni. Pa M6, M10 ndi M16 mulibe vuto, chifukwa 5.0, 8.5 ndi 14.0 zimapezeka. Zovuta ndi M4, M5, M8 ndi M12.

Tibwerere ku chitsulo cha chigayo chija. Chinali chochindikala mamilimita 12, mabowo odutsa mbali zonse, ndipo m'bokosi munali 6.5 ndi 7.0 basi. Ya 6.5 ikupereka 92 peresenti ndi ngozi ya tapu. Ya 7.0 ikupereka 62 peresenti, ndipo yapitirira malire a `6H` ndi pafupifupi 0.09. Koma bauti ikugwira mamilimita 12, mazinga oposa asanu ndi anayi, kumene ndi kamodzi ndi theka ka kunenepa kwake. Pa ntchito imeneyo ine ndimasankha 7.0 mosakayika, bola biti ikhale yoboola moona, chifukwa ikavina n'kupereka 7.2 mwatsikira ku 49 peresenti. Chitsulo chikanakhala cha mamilimita 6, kapena chikanakhala aluminiyamu, sindikanalola. Ndikanatumiza munthu kukagula ya 6.8.

Pa M12 kusankha kwake kuli pakati pa 10.0, imene ikupereka 88 peresenti, ndi 10.5, imene ikupereka 66. Tengani 10.5. Pa M5 musayese n'komwe: 4.0 ikupereka 96 ndipo tapu yake ndi yowonda ngati msomali, 4.5 ikupereka 48. Gulani 4.2 ziwiri muzisunge pamodzi ndi tapuyo, zomangidwa ndi kalabala.

Musaiwale kuyang'ana mabiti a mainchi ngati muli nawo. Ya `17/64` ndi mamilimita 6.75, ndendende zimene M8 imafuna. Ya `1/4` ndi 6.35, yochepa kwambiri.

Chenjezo limodzi: pali matapu opanda ngalande m'mbali, amene sadula koma amakankha chitsulo kuti chipange zinga. Amenewo satsata `D − P`. Amafuna bowo lalikulupo, pafupifupi `D − P/2`, monga 7.4 pa M8, ndipo mukawalowetsa mu 6.8 amathyoka. Tsatani nambala ya pa paketi yake.

## Bauti ikuima isanapanikize chimene mukumanga

Izi zimachitika m'mabowo osatulukira kuseri. Kukula kwa bowo kuli bwino, koma kuya sikunawerengedwe. Nsonga ya tapu ndi yosongoka ndipo mano ake oyamba sadula zinga lathunthu, komanso pansi pa bowo pamaunjikana tiziphalaphala. Ngati mukufuna mamilimita 12 a mazinga athunthu a M8, onjezani mapichi anayi, amene ndi mamilimita 5, kuti bowo lifike 17. Nsonga ya biti imatenganso pafupifupi 2, ndiye kuchokera kunsonga mumate tepi pa 19. Malizani ndi tapu yachitatu, ya nsonga yafulati, ndipo muzitulutsa zinyalala kawirikawiri. Tapu ikagunda pansi imalimba mwadzidzidzi, mosiyana ndi kulimba kwa pang'onopang'ono kwa bowo laling'ono. Musanaboole, onetsetsani kuti kuseri kuli chitsulo chokwanira kuya kumeneko.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa amisiri a makina

- Tapu yadukira mkati mwa chinthu chodula, monga buloko kapena hedi ya injini. Tapu ndi yolimba kwambiri moti biti wamba siidya, ndiye biti imaterereka n'kukadya chitsulo chofewa cha m'mbali. Ngati kansonga kakuonekera, yesani kamodzi kubweza ndi pulayala mutathira mafuta. Ikakana, isiyeni. Amisiri ena amawotchererapo nati, ndipo ena ali ndi makina oinyenya ndi moto wa magetsi osakhudza mazinga.
- Bowo lili pa mabuleki, chiwongolero, mawilo, pomangira lamba wa mpando, kapena chonyamulira katundu m'mwamba. Apa nkhani ya 62 peresenti ija musaiganizire n'komwe.
- Kuseri kwa bowo kuli njira ya madzi kapena ya oyilo.
- Mazinga asololoka ndipo bauti iyenera kukhalabe ya saizi yomweyo. Pamafunika kawaya ka mazinga kolowetsa m'bowo, ndipo kali ndi biti ndi tapu yakeyake, zosatsata masamu a pamwambawa.
- Tupa ikuterereka pa chitsulocho.

Pa bulaketi wamba, mazinga a M8 akasololoka mukhoza kukwera saizi nokha. Bowo lowonongekalo limakhala pafupifupi mamilimita 8, ndipo M10 imafuna 8.5, choncho biti imapeza chitsulo chatsopano chodya. Kuchoka pa M6 kupita pa M8 kumathekanso, poti 6.8 ndi yaikulu kuposa 6. Koma kuchoka pa M5 kupita pa M6 n'kokayikitsa, chifukwa bowo lowonongeka lafika kale pa 5.0 kapena kupitirira, ndiye liyezeni kaye. Muonenso kuti m'mphepete mwa bowo mwatsala chitsulo chokwanira, ndipo bowo lodutsira la chitsulo chapamwamba mulikuze kufika 11.0 kuti M10 idutse.